Mkanda ukaduka musautaye: kusamala ndi kutunganso mikanda ya galasi, ya mtengo ndi ya njere

Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, komwe kunali likulu la Kalonga wa Amaravi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda ya galasi yambirimbiri m'nthaka. Inachokera kutali, ina ku India, ina ku Ulaya, ndipo inafika kuno podzera m'manja mwa amalonda a kugombe la nyanja yamchere. Inagona m'dothi zaka mazana angapo, dzinja likubwera, chilimwe chikupita, koma yambiri inatuluka ili yathunthu. Ulusi womwe eni ake anaitungira ndiwo unawola kalekale. Makolo athu ankaudziwa mtengo wa zinthu zimenezi, n'chifukwa chake anatisiyira mwambi uja wakuti sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Lero mikanda ili ponseponse. Angoni amaivala pa Umhlangano ku Ntcheu ndi pa Umthetho ku Mzimba, amayi amaivala pa chinkhoswe ndi pa ukwati, achinyamata amaigula pamisika ya ziboliboli, ndipo ina imavalidwa m'chiuno, kosaonekera. Komabe m'nyumba zambiri muli kachitini kapena kambale ka mikanda yomwazika, ya mkanda womwe unaduka chaka chatha, womwe mwini wake amangoti adzaupititsa kwa wokonza tsiku lina. Ntchito yake si yofunika wokonza. Ndi ya madzulo amodzi, ndipo zipangizo zake zambiri zili kale m'nyumba. Chofunika ndi kumvetsa kuti mkanda wa m'khosi uli ndi zinthu zokalamba mosiyana. Galasi limakhalitsa, mtengo ndi njere zimadalira momwe mukuzisungira, pomwe ulusi umatha msanga kuposa zonse, ngakhale mutausamala chotani.

Yang'anani kaye pomwe wadukira

Musanatole n'komwe lumo, tengani nsonga ziwiri za ulusi wodukawo ndi kuziyang'ana powala, chifukwa zimakuuzani chomwe chaudula. Ngati wadukira pafupi ndi chokolowekera cha kumbuyo kwa khosi, ndiye kuti kamphete kachitsulo kanali kuukhula tsiku ndi tsiku mpaka unatha. Ngati wadukira pakati, nsonga zake zili zosalala ngati wadulidwa ndi lezala, pali mkanda umodzi wa galasi womwe bowo lake ndi lakuthwa m'mphepete, ndipo mukautunganso osaupeza, ulusi watsopano udzadukira pomwepo. Ngati nsongazo zanyenyeka, zada, ndipo ulusi wotsalawo ukuduka mukangoukoka pang'ono, wawola ndi thukuta komanso mafuta odzola. Ngati nsongazo ndi zopotanapotana koma zosaduka, ulusiwo sunaduke ayi, mfundo ndiyo yamasuka.

Mkanda umachenjeza usanaduke. Uuyimitse m'mwamba mutagwira chokolowekera. Mukaona mpata wa ulusi wopanda kanthu pamwamba, woti n'kukwanamo mkanda wina, pomwe kale munalibe, ulusi watamuka. Mukaona tiubweya tikutuluka pakati pa mikanda, wayamba kudyeka. Apa m'pomwe ndimalangiza kuudula nokha ndi kuutunganso, mikanda yonse ikadalipo ndipo ndondomeko yake ikuoneka. Mukadikira kuti udukire m'minibasi kapena m'bwalo la perekaniperekani, theka lake lidzatsala pansi pa mapazi a anthu.

Galasi silidana ndi madzi, koma utoto wake ungadane nawo

Poyamba tsimikizani kuti ndi galasidi. Mkanda wa galasi umazizira mukaukhudzitsa pa tsaya, umalemera m'dzanja, ndipo ukagundana ndi unzake umalira mokweza. Wa pulasitiki ndi wopepuka, sumva kuzizira, ndipo kawirikawiri umakhala ndi kamzere kozungulira pomwe chikombole chinakumana.

Mikanda ya galasi ilipo ya mitundu iwiri pa nkhani ya kutsuka. Ina mtundu wake uli m'galasi momwemo, unalowa galasilo likadali losungunuka pamoto. Imeneyi simasuluka. Ina ndi galasi loyera lomwe analipaka utoto pamwamba, kapena kuthira siliva ndi utoto mkati mwa bowo kuti lizinyezimira. Timikanda tambiri ting'onoting'ono ta pinki wowala, tagolide ndi tasiliva ndi totere, ndipo thukuta, pelefyumu ndi sopo zimatisulutsa mpaka kutsala totuwa. Kuti mudziwe, nyowetsani kansalu koyera ndi kukhula mkanda umodzi wa kumbuyo kwa khosi. Nsalu ikatenga mtundu, mkanda umenewo musauviike m'madzi, muzingoupukuta ndi nsalu youma.

Yomwe sikuchoka utoto itsukeni itachoka pa ulusi. Thirani madzi ofunda pang'ono m'mbale ya pulasitiki, ikanimo dontho limodzi la sopo wotsukira mbale, ndi kuitakasa ndi zala. Litsiro lenileni silikhala kunja, limakhala m'mabowo, momwe gilisalini, vaselini ndi fumbi zimaundana n'kusanduka phala lakuda lomwe limawoletsa ulusi. Mswachi wakale wofewa umalichotsa. Tsukuluzani, yalani pa thaulo pamthunzi, ndipo dikirani mpaka mawa lake, chifukwa kunja kumauma msanga koma m'bowo madzi amatsalira. Madzi otentha kwambiri angathetse galasi lozizira, ndipo jiki amawononga utoto ndi zitsulo zomwe.

Pali vuto lina lomwe limagwira mikanda yakale, monga ya agogo yomwe yakhalitsa m'sutikesi. Mukaona mkanda wachita tinthu toyera ngati mchere pamwamba, kapena ukuoneka wonyowa nthawi zonse, kapena wadzaza timing'alu tosaoneka bwino, galasi lake likuwonongeka lokha. Linapangidwa ndi msanganizo wosakhazikika, ndipo chinyezi cha mumpweya chikukoka mchere wa m'kati mwake. Vutoli silibwerera m'mbuyo. Chomwe mungathe ndi kuichotsa pakati pa inzake, kuipukuta mosamala ndi kuisunga pouma. Kuiviika m'madzi kumangofulumizitsa kuwonongekako.

Mtengo umapuma

Mkanda wa mtengo, ngakhale udulidwe zaka khumi zapitazo, umamwa chinyezi n'kufufuma, kenako umauma n'kunyala. Ukachita zimenezi mobwerezabwereza umang'ambika, ndipo mng'alu wake umayambira pa bowo. Choncho adani ake ndi awiri: kusamba nawo kapena kunyowa nawo pa mvula, ndi kuusiya pa windo kapena m'galimoto yotseka m'mwezi wa Okutobala. Ukanyowa mwangozi, upukuteni ndi kuusiya uume wokha pamthunzi podutsa mphepo. Musauyanike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, chifukwa kunja kudzauma mkati musanaume, ndipo ndi pomwe umasweka.

Funso lomwe ambiri amafunsa ndi lakuti aupake chiyani kuti uwalenso. Zimatengera ngati unapakidwa vanishi. Donthezani kadontho ka madzi pa mkanda umodzi wobisika. Kakangokhala pamwamba osalowa, pali vanishi kapena phula, ndipo mafuta sangalowe, adzangomata fumbi. Umenewo umangofuna nsalu yofewa. Kadonthoko kakalowa, mtengo n'kuda pamalopo, ndiye kuti ndi wosapaka. Pamenepo tengani phula la njuchi pang'ono, lifewetseni ndi kutentha kwa zala, pakani mopyapyala, dikirani mphindi makumi awiri, ndi kupukuta mwamphamvu mpaka nsalu isamatenso. Mlombwa umatulutsa bwino mizere yake yofiirira ukachitiridwa zimenezi. Mafuta ophikira musayerekeze. Tsiku loyamba amawalitsa, koma pakapita milungu amavunda, kununkha ndi kuitana nyerere ndi mphemvu.

Phingo weniweni safuna zambiri. Ndi wolemera kwambiri, wothinana, ndipo amawala ndi kupukuta kokha. Koma si mkanda wakuda uliwonse womwe ndi phingo. Ina ndi mitengo yopepuka yodetsedwa ndi polishi wa nsapato, ndipo mudzaizindikira ikadzathimbiriza kolala ya bulauzi yoyera. Siyoipa, bola mudziwe. Ipukuteni ndi nsalu youma mpaka isiye kudetsa, ndi kuikuta ndi phula la njuchi.

Njere ndi chakudya cha tizilombo

Mikanda ya njere ndi yokongola m'njira yakeyake: njere za malambe, njere zakuda za msambamfumu zokhala ndi kachipewa kofiira, ndi zina zotuwa zonyezimira zomwe zimamera kale ndi bowo pakati. Koma njere ndi mbewu, ndipo tizilombo sitisiyanitsa ya m'khosi ndi ya m'nkhokwe. Chizindikiro chake ndi chomwe mlimi amachiona chimanga chikafumbwa ndi anankafumbwe: kaufa kosalala pansi pa bokosi ndi timabowo tozungulira tomwe simunabowole ndinu. Mukaona zimenezi, chotsani mkandawo msanga pakati pa inzake.

Mankhwala ophera tizilombo musapopere pa chinthu chomwe chidzagona pakhungu lanu. Njira yomwe osunga zinthu zakale amagwiritsa ntchito ndi kuzizira. Dulani ulusi, patulani njere zokhazokha, zikhale zouma, ziikeni m'kapulasitiki kotseka bwino mutafinya mpweya wonse, ndi kuziika mbali ya firiji yomwe imaumitsa madzi, pomwe kuzizira kumafika pa madigiri 18 pansi pa ziro. Zikhale milungu iwiri. Magetsi akathima nthawi yaitali mpaka zinthu kusungunuka, yambaninso kuwerenga masiku. Pozitulutsa musatsekule kapulasitikiko mpaka patapita tsiku lathunthu, kuti mame omwe amabwera pa chinthu chozizira agwere pa pulasitiki, osati pa njere. Njere zomwe zafumbwa kwambiri, zophwanyika mukazifinya, zitayeni.

Chuku chimabwera m'miyezi ya mvula, komanso nthawi ya chiperoni kwa okhala ku Thyolo ndi ku Mulanje. Chipukuteni panja ndi mswachi wouma, kenako ndi kansalu konyowetsedwa pang'ono ndi spiriti, mutayesa kaye pa njere imodzi ngati sakuchotsa utoto.

Pali njere ziwiri zomwe sindingakulangizeni kuzitunganso. Yoyamba ndi kanjere kofiira kwambiri, konyezimira, kokhala ndi kadontho kakuda mbali imodzi, ka chomera choyanga chomwe akatswiri a zomera amachitcha Abrus precatorius. Mkati mwake muli poizoni woopsa. Khungu lake ndi lolimba, koma kakabowoledwa kuti katungidwe, poizoniyo ali poyera, ndipo njere imodzi yotafunidwa ingathe kupha munthu. Mu 2011 ku Britain zibangili za njere zimenezi zinachotsedwa m'masitolo pa chifukwa chomwechi. Yachiwiri ndi nsatsi, yomwe tonse timaidziwa. Mawanga ake ndi okongola, koma nayonso ili ndi poizoni wakupha ikatafunidwa. Mkanda wa njere zoterezi ukaduka m'nyumba ya mwana wokwawa, sesani bwino lomwe, ndipo musazibwezere pa ulusi. Mwana akatafuna ngakhale imodzi, thamangirani naye kuchipatala osadikira zizindikiro, mutatenga njere ina yoti adokotala aione.

Ulusi woyenera

Ambiri amathamangira chingwe cha mbedza chifukwa n'chotsika mtengo, sichifuna singano, ndipo sichioneka. Chimagwira ntchito pa mkanda wopepuka wa timikanda ting'onoting'ono, koma chili ndi zofooka zitatu. N'choterera, motero mfundo zake zimamasuka. Chimatamuka chikasenza mikanda yolemera. Ndipo chikakalamba ndi dzuwa chimauma n'kuthyoka mwadzidzidzi osachenjeza. Ulusi wa thonje wosokera zovala ndiwo wofooka kuposa wonse, umamwa thukuta ndi kuwola. Lasitiki ndi wa zibangili zopepuka, osati mkanda wa m'khosi wolemera.

Pa mkanda wosakaniza galasi ndi mtengo, ine ndimasankha ulusi wa nailoni wopota, wa mtundu womwe osoka nsapato ndi zikwama amagwiritsa ntchito, koma wopyapyala. Suwola ndi thukuta, umagwira mfundo, ndipo mkanda umagona bwino pakhosi. Kuti mudziwe ngati ulusi ndi nailoni, yandikizani nsonga yake ku lawi la machesi. Nailoni amasungunuka n'kupanga kampira kolimba, thonje limayaka n'kusiya phulusa.

Kukula kwa ulusi kumalamulidwa ndi mkanda wa bowo laling'ono kuposa onse. Tidzatunga ndi ulusi wowirikiza, ndipo kumapeto tidzabwerera m'mikanda ingapo, choncho bowolo liyenera kulola ulusi unayi. Yesani zimenezi musanayambe. Timikanda ting'onoting'ono ta galasi, tomwe tambiri timachokera ku Czech, ku Japan, ku India ndi ku China, timalembedwa manambala pa paketi, ndipo nambala ikakula mkanda umachepa. Ta 11/0 ndi ta mamilimita 2, ta 8/0 ndi ta mamilimita 3, ta 6/0 ndi ta mamilimita 4, kapena kuyandikira pamenepo.

Singano yosokera zovala ili ndi mutu wonenepa, sidutsa m'timikanda totere, ndipo mukaikakamiza imatiswa. Ngati mulibe singano ya mikanda, pangani yanu. Sendani kachidutswa ka waya wakale wa magetsi, sololani kawaya kamodzi ka kopa kopyapyala kotalika masentimita 15, kapindeni pakati, lowetsani ulusi popindikapo, ndi kupota miyendo iwiriyo pamodzi. Diso lake limafwaphalala lokha likadutsa mu mkanda woyamba.

Kutunganso, kuyambira pa chiyambi mpaka pa mfundo yomaliza

Tiyeni titenge mkanda umodzi ndi kuyenda nawo. Unali wotalika masentimita 46, chokolowekera chikutenga masentimita 2. Pakati panali mkanda waukulu wa phingo wa mamilimita 20. Mbali iliyonse kunali mikanda 6 ya galasi lobiriwira ya mamilimita 8 ndi 5 ya mlombwa ya mamilimita 10, yosinthanasinthana, kuyamba ndi galasi ndi kumaliza ndi galasi. Pakati pa mikanda ikuluikuluyi panali timikanda titatutitatu toyera ta 8/0, ndipo kumbuyo kwa khosi kunali mzere wa timikanda tomweto 23 mbali iliyonse. Tonse pamodzi tinali 112. Mkandawu wadukira pakati, ulusi wake utadulidwa mosalala. Mutatola zonse, mwapeza kuti mkanda umodzi wa galasi wasowa, pamodzi ndi timikanda 20.

Yalani thaulo m'lichero kapena m'thireyi kuti mikanda isagubuduke. Mbali yomwe yatsala pa ulusi musaisolole msanga. Igonekeni momwe ilili ndi kuijambula pa foni, kapena lembani ndondomeko yake pa pepala, chifukwa ndiyo ikuuzeni momwe mbali yomwazikayo inalili. Mukatero dulani ulusi wakale wonse. Kulumikiza ulusi watsopano ku wakale n'kutaya nthawi, popeza wakalewo ndi wa msinkhu umodzi ndi womwe waduka. Patulani galasi, mtengo ndi timikanda, ndi kuyeretsa gulu lililonse monga tafotokozera.

Tsopano sakani mkanda womwe unadula ulusi. Lowetsani kachidutswa ka ulusi mu mkanda uliwonse wa galasi, kokerani uku ndi uku kangapo mukukhuza m'mphepete mwa bowo. Womwe ukunyenya ulusi ndi womwewo. Pindani kasandipepa kosalala kwambiri kakhale kosongoka, kanyowetseni, ndi kuzunguliza pakamwa pa bowolo pang'onopang'ono mpaka ulusi uzidutsa osakodwa. Kunyowetsako kumaletsa fumbi la galasi kuuluka. Ngati bowolo lili ndi mng'alu wolowa mkati, mkandawo usabwererenso.

Kenako nkhani ya zosowa. Mwatsala ndi mikanda ya galasi 11, ndipo kupeza wina wofanana ndendende pamsika n'kovuta. Musaike wosiyana kutsogolo, diso limauona msanga. Chotsani umodzi mbali inayo kuti mbali zonse zikhale ndi isanuisanu, ndipo malo a iwiri yochokayo akhale a kumapeto, kufupi ndi kumbuyo kwa khosi. Ngati wakuthwa uja wakanika kusalala, ndiye woyenera kutsala. Apa mkanda wafupika ndi mamilimita 16. Timikanda ta 8/0 timalowa pafupifupi tisanu pa sentimita imodzi, choncho 20 tosowa tija tafupikitsanso masentimita 4. Mukangotunga chomwecho, mkanda wa masentimita 46 udzakhala wa 40, wothina pakhosi la anthu ambiri. Mukufunika timikanda tatsopano 28, kutanthauza 14 mbali iliyonse, osawerengera ta malupu a chokolowekera. Tatsopano sitifanana kwenikweni ndi takale, toyera take timasiyana, ndiye takale tonse tipite kutsogolo, tatsopano tikabisale kumbuyo kwa khosi. Yalani ndondomeko yonse pa thaulo ndi kuiyeza ndi tepi ya telala musanatunge ngakhale umodzi.

Dulani ulusi wa masentimita 130, womwe ndi utali wa mkanda kawiri, kuwonjezapo wogwira pomanga. Ukokeni mwamphamvu ndi manja awiri kangapo kuti utamukiretu panopa, osati pakhosi. Udutsitseni pa phula la njuchi kawiri, kapena pa kandulo ngati phula mulibe, kuti usapotane. Lowetsani mu singano ndi kuuwirikiza. Kutsala masentimita 10 kuchokera ku nsonga, tungani mkanda umodzi wa mtundu wina ndi kudutsamonso kachiwiri osamanga mfundo. Umenewu ndi wotchinga chabe, udzachoka pomaliza.

Tungani kuchokera kumapeto amodzi kukafika ena, mukutsata zomwe mwayala. Pa mikanda ya mtengo chenjerani. Mabowo ake amakhala aakulu, ndipo kamkanda kakang'ono kangathe kulowa m'bowomo n'kubisala, mpata n'kuoneka. Zikatero, moyandikana ndi mtengowo ikani kokulirapo ka 6/0. Mukafika pa mkanda wa phingo wa pakati, imani ndi kuwerenga. Mukamaliza mbali yachiwiri, pindani mkandawo pakati ndi kuona ngati mbali ziwirizo zikulingana mkanda ndi mkanda. Kulakwitsa kukonzedwe pano, mfundo isanamangidwe.

Pomanga chokolowekera, musalole ulusi kukhudza chitsulo. Tungani timikanda 7 tina, dutsani m'kamphete ka chokolowekera, ndi kubwerera mu mkanda womaliza wa mzere, kuti timikanda 7 tija tipange kalupu komwe chitsulo chizitsetsereka pa galasi. Ngati kamphete ndi kakang'ono moti timikanda ta 8/0 sitikudutsamo, gwiritsani ta 11/0. Malupu awiriwa amawonjezera utali pang'ono, ndiye mukafuna masentimita 46 enieni, chotsani timikanda titatu pa mzere wa mbali iliyonse n'kutigwiritsa ntchito pa lupu. Bwererani m'timikanda titatu, ndi kumanga mfundo mozunguliza ulusi wa mkatiwo: lowetsani singano pansi pake, siyani kalupu, dutsani m'kalupumo kawiri, kokani pang'onopang'ono kuti mfundo ikhale pakati pa mikanda. Pitirirani m'timikanda titatu tina, mangani yachiwiri, kenako yachitatu. Dutsani m'mikanda ina iwiri musanadule, kuti nsonga ibisale kutali ndi mfundo.

Mbali yotsalayo ndi pomwe ambiri amaonongera ntchito yabwino. Chotsani mkanda wotchinga uja, kankhirani mikanda yonse ku mbali yomwe mwamanga kale, koma musamange mkanda uli chowongoka. Ukamangidwa wowongoka ndi wokoka kwambiri, pouvala umauma gwa, umapanga makona, ndipo ulusi umakhala pa mphamvu nthawi zonse. Ugonekeni mozungulira monga udzakhalire pakhosi, mikanda ingokhudzana popanda kufinyana, ndipo mangani uli chomwecho. Mpata wa mamilimita awiri kapena atatu ndi wabwino, makamaka poti mtengo udzafufuma m'dzinja. Pindani kawaya kena pa nsonga ziwiri za ulusi zija, ndi kuchita monga munachitira mbali yoyamba.

Pa mfundo iliyonse donthezani kyutekisi wopanda mtundu ndi nsonga ya phini, ndipo dikirani aume. Guluu wa supa amaumitsa ulusi n'kuusandutsa wothyoka, amalowerera m'mabowo, ndi kusiya utsi woyera pa galasi. Ntchito ikatha, gwirani mbali ziwiri ndi kukoka pang'ono mkandawo uli pamwamba pa lichero. Ngati pali chofooka, chionekere pamenepo.

Chokolowekera chikachita dzimbiri, chikabiriwira, kapena chikamakuyabwitsani khosi, sikofunika kugula china. Batani la malaya lolimba mbali imodzi ndi lupu la timikanda loti batanilo lidutse mothina mbali inayo zimagwira bwino, ndipo sizichita dzimbiri. Mkanda wotalika masentimita 65 kapena kuposa umadutsa pamutu pa anthu ambiri, sufuna chokolowekera chilichonse. Mumangomanga nsonga ziwiri pamodzi, kupiringiza kawiri poyamba ndi kamodzi mobwerera, kenako kubisa nsonga iliyonse m'mikanda ya mbali yake. Mikanda ya m'chiuno imamangidwa chimodzimodzi, koma poti imakumana ndi madzi ndi sopo tsiku lililonse, ikhale ya galasi losasuluka, pa nailoni, ndipo ulusi wake uziyang'aniridwa pafupipafupi.

Posunga

Mkanda uzikhala chomaliza kuvala, mafuta ndi pelefyumu zitauma pakhungu, ndi choyamba kuvula musanasambe kapena kugona. Upukuteni ndi nsalu youma musanausunge. Wolemera ugone chogona m'dirowa, chifukwa kuupachika pa msomali kumatamula ulusi pamalo amodzi. Wa mtengo ndi wa njere ukhale m'kathumba ka chitenje, osati m'jumbo yomwe imatsekera chinyezi, ndipo timapaketi toyamwa chinyezi tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato tiikeni m'dirowamo, kutali ndi ana. Galasi lisagone pamodzi ndi mtengo wopukutidwa bwino m'thumba limodzi, limaukanda.

Mvula isanayambe chaka chino, tulutsani mikanda yanu yonse, iyimitseni umodziumodzi powala, ndipo uliwonse womwe ukuonetsa mpata kapena tiubweya muudule nokha pamwamba pa thaulo ndi kuutunga pa ulusi watsopano.